Ndithandizeni kulemba uthenga wopempha nyumba ya lendi

Moni nonse. Ndine wophunzira wa chaka chachitatu, ndipo ndikufuna chipinda chobwereka pafupi ndi sukulu. Ndatumiza mafomu kwa eni nyumba atatu, awiri sanayankhe, wachitatu anati ndalama zomwe ndimapeza n'zochepa. Sananame. Ndimagwira ganyu masiku atatu pa sabata, ndipo lendi ikadya pafupifupi theka la malipiro anga.

Uthenga wanga woyamba unali wautali, wodandaula za umphawi wanga, ndipo ndaona kuti unkangoopseza mwini nyumba. Wachiwiri ndinaufupikitsa, ndinangoti ndine wodekha, sindisuta, sindichita phokoso. Koma aliyense amalemba zomwezo, palibe umboni.

Chomwe chikundipweteka n'chakuti umboniwo ndili nawo. Komwe ndikukhala pano ndalipira lendi miyezi 18 osachedwa ngakhale tsiku limodzi, malisiti onse ndinasunga mu envulopu, ndipo mwini nyumbayo wavomera kundilembera kalata. Amalume anga, omwe ali pa ntchito yokhazikika, avomera kusaina kuti adzalipira ine ndikalephera. Ndasunganso ndalama zokwana lendi ya miyezi iwiri.

Ndiye ndikufunsa inu amene muli ndi nyumba zobwereketsa: ndiyambe ndi chiyani, malisiti kapena amalume? Nditchule ndekha kuchuluka kwa malipiro anga, kapena ndidikire andifunse? Sindikufuna kubisa kanthu, koma ndikuopa kuti akaona nambalayo mumzere woyamba sawerenganso zotsalazo. Nanga kulonjeza kulipiriratu miyezi iwiri kumalimbitsa mtima mwini nyumba, kapena kumaoneka ngati ndikukakamira?