Mfundo 16 m'maminiti 15, ndizipanga bwanji kuti anthu azikumbukire?

Wachitetezo watsopano: Akuluakulu thandizeni. Lolemba ndikulankhula ndi antchito atsopano a mu weyahausi, andipatsa maminiti 15 basi koma mfundo zomwe abwana akufuna zinenedwe zilipo 16. Nsapato zokhala ndi chitsulo kutsogolo, kunyamula katundu utapinda maondo, alamu ikalira kupita posonkhanira, osakwera shelefu koma kugwiritsa makwerero, vesiti yowala, osayenda uku ukuseweretsa foni, pomwe pali chozimira moto, kuyenda m'mizere yachikasu, katundu wolemera aziikidwa pansi pa shelefu, kusaina buku polowa, kupukuta mafuta akatayika, osatchinga khomo lothawira ngozi, kutalikirana ndi folokolifiti, bokosi la chithandizo choyamba, kunena ngozi iliyonse olo yaing'ono, nde a ku ofesi awonjezeranso kapemphedwe ka tchuthi. Gulu lapitalo linamva zonsezi mundondomeko yomweyi, mawa lake nditafunsa ambiri anangotchula nsapato ndi tchuthi kkkk. Nditani?

Wamasilaidi: Vuto ndi masilaidi achimwene. Zilembo zikhale zazikulu, chithunzi chimodzi pa silaidi, osadzaza mawu. Mukugwiritsa pulojekita yanji?

Wachitetezo watsopano: Kulibe pulojekita bwana, timaimirira pakhomo anthu atavala kale za ntchito. Ndi pakamwa basi.

Mphunzitsi wa malonda: Nde zosavuta, 16 mugawe panayi, zinayi zinayi. Gawo loyamba, lachiwiri, lachitatu, lachinayi. Mutu wa munthu umasunga zinthu 7, nde zinayi pa gawo muli bwinobwino. Kenako tengani chilembo choyamba cha mfundo iliyonse mupange liwu loti azingoliloweza.

Mayi wa matireningi: Pa zogawa panayi tikugwirizana achimwene a malonda, koma osati kudula mndandanda momwe ulili. Taonani zinayi zoyambirirazo, nsapato, maondo, alamu, makwerero. Gawo limeneli mulitcha dzina lanji? Palibe chikuzimangirira pamodzi, nde womvera adzakhalabe ndi zinthu 16 zoti asunge kuwonjezanso manambala anayi a magawo, mwangomuonjezera mtolo. Gawo limathandiza pokhapokha munthu akangomva dzina lake azitha kuganiza yekha zomwe zili mkati.

Za 7 zija zinachokera kwa George Miller mu 1956, koma ofufuza a pambuyo pake anatsitsa, Nelson Cowan mu 2001 anati ndi pafupifupi zinayi munthu akakhala alibe mpata wobwereza kapena wozimanga m'magulu. Ndipo wongomvera ndi khutu mpata umenewo alibedi, sangabwerere tsamba lam'mbuyo, inu mukupitirira kulankhula. Zoti ankangokumbukira nsapato ndi tchuthi musadabwe nazo, ndi yoyamba ndi yomaliza zimenezo, zapakati ndi zomwe zimasowa pa mndandanda wautali.

Chitani chonchi lero lomwe. Lembani mfundo iliyonse pa kapepala kake, muyale patebulo, nde mufunse funso limodzi lokha pa kapepala kalikonse: wantchito adzaifuna nthawi iti mfundo imeneyi? Osafunsa kuti ndi ya mtundu wanji, funsani nthawi. Mutiuze milu yomwe ituluke.

Wachitetezo watsopano: Ndayesa mayi. Yatuluka isanu. Zovala, folokolifiti, mashelefu, moto, ndi zina ndi zina. Mu zina ndi zina mwalowa foni, buku, mafuta, tchuthi, kunena ngozi, maondo, bokosi la chithandizo.

Mayi wa matireningi: Kkkk mulu waukulu kwambiri ndi wopanda dzinawo eti? Mukaona zina ndi zina zatenga pafupifupi theka, dziwani kuti muyezo womwe mwagawira sukukwana. Mwagawa ndi zinthu zooneka, zovala, makina, mashelefu, nde chilichonse chomwe ndi khalidwe la munthu chasowa kolowa. Bwererani ku nthawi ija, mutsate munthuyo kuyambira pakhomo.

Asanalowe amavala nsapato, amavala vesiti, amasaina buku. Zitatu. Akalowa amayenda, nde mizere yachikasu, folokolifiti, foni m'thumba, ndi mafuta otayika chifukwa amene amaterereka ndi woyenda. Akafika pa katundu amanyamula n'kuika, apa maondo, makwerero, wolemera pansi, ndi osatchinga khomo lothawira. Chatsala ndi tsiku lomwe zinthu zavuta, alamu, chozimira moto, bokosi la chithandizo, kunena ngozi. Usanalowe, ukuyenda, ukunyamula, zikavuta. Munthu olo aiwale mawu anu akangoganizira tsiku lake la ntchito magawowo amabwera okha motsatana, safunika kuloweza kuti pambuyo pa usanalowe pamabwera chani.

Supavaiza wa shifiti: Mayi pa khomo lothawira apo sindikugwirizana nanu. Imeneyo ndi nkhani ya moto, ikhale ku zikavuta. Munthu aliyense akamva khomo lothawira amaganiza moto.

Mayi wa matireningi: Amaganiza moto zoona bambo, koma amalitchinga liti? Amalitchinga masana wamba atanyamula katoni akusowa poika. Moto ukabuka kukumbukira kuti osatchinga khomo kulibenso phindu, latchingidwa kale. Mfundo ikamakwanira m'magawo awiri ndimaiika pomwe munthu akuyenera kuchitapo kanthu, osati pomwe zotsatira zake zidzaonekere. Chimodzimodzi buku lija, ntchito yake yeniyeni ndi kuitana mayina posonkhanira, koma kusainako kumachitika pakhomo.

Supavaiza wa shifiti: Ndamva koma ine ndikanainena kawiri, konse kuwiri. Sizipha munthu kumva kawiri.

Mayi wa matireningi: Kuikumbutsa ndi chiganizo chimodzi palibe vuto, monga mukafika pa alamu mungoti "khomo lija tinati osatchinga, nayi ntchito yake." Koma ikhale ndi kwawo kumodzi. Mukayamba kuwerengera mfundo imodzi m'magawo awiri malire amasokonekera, mawa akufunsani kuti nanga mafuta aja anali ku kuyenda kapena ku zikavuta.

Wachitetezo watsopano: Zakwana 15. Tchuthi ndiyiponye kuti? Ku usanalowe mwina, poti kuli zitatu zokha.

Mphunzitsi wa malonda: Eya ikani komweko zikhale zinayi zinayi, zimaoneka bwino.

Mayi wa matireningi: Ayi chonde. Magawo sakuyenera kufanana kukula, zitatu ndi zinayi palibe amene angadandaule. Mukalowetsa tchuthi ku usanalowe mwaphwanya lonjezo la dzinalo, womvera waphunzira kuti dzina la gawo silodalirika. Ituluke, ipite pa pepala lomwe muwagawire kapena muinene mutatseka kale, kuti "izi si zachitetezo, ndi uthenga wa ku ofesi."

Wachitetezo watsopano: Ndikaisiya a ku ofesi andidya wamoyo kkkk. Koma ndikainena pomaliza mesa ndi yomwe adzaikumbukire ngati gulu lija?

Mayi wa matireningi: Funso labwino. Nde iyambe ndi iyoyo musanatsegule nkhani yanu, masekondi 20, kenako kaphee pang'ono n'kunena kuti tsopano tiyambe za chitetezo. Mapeto musungire kubwereza magawo anayi aja.

Wa ku labu: Ife kwathu ku labu mfundo ndi zoposa 30 ndipo oditi imafuna aliyense asainire kuti wamva iliyonse. Tinayesa zamagawozi zinatuluka magawo 8, anthu ankasokonezekabe. Nde ine ndimaona ngati zimagwira pa nkhani zazing'ono zokha.

Mayi wa matireningi: Magawo 8 ndi mndandanda wina wautali asisi, mwangousamutsa m'mwamba. Mwina muwamange eyitiwo mu atatu kapena anayi akuluakulu, koma kunena zoona masitepe atatu otero, gawo, kagawo, mfundo, ndi khutu lokha anthu amatayika. Ine ndikanadula kukhala maulendo awiri kapena atatu masiku osiyana. Kusainira kuti wamva ndi kukumbukira ndi zinthu ziwiri, a oditi amayang'ana choyambacho.

Wa ku labu: Masiku osiyana sizitheka, munthu saloledwa kulowa asanamve zonse. Kaya, ndiganizabe.

Mphunzitsi wa malonda: Nanga liwu la zilembo zoyamba lija? Ine kwa anthu anga limagwira bwino heve.

Supavaiza wa shifiti: Usanalowe, ukuyenda, ukunyamula, zikavuta. U U U Z. Litchuleni timve kkkkk

Mphunzitsi wa malonda: Kkkk mungosintha mayinawo kuti apange liwu lomveka, nkhani yake ndi yomweyo.

Mayi wa matireningi: Pamenepo ndi pomwe zimalakwika kawirikawiri, dzina labwino limasinthidwa ndi losamveka pofuna chilembo, nde anthu amakumbukira liwulo koma kufunsa kuti chilembo chachitatu chikuimira chani zii. Kwa inu zimagwira chifukwa anthu anu amalibwereza tsiku ndi tsiku. Apa ndondomeko ya tsiku la ntchito ikuchita kale zomwe liwulo likanachita.

Za maminiti 15 zija ine ndikanagawa chonchi. Miniti imodzi kunena kuti pali zinthu zinayi n'kuzitchula mukuwerenga ndi zala, osafotokoza kanthu. Usanalowe maminiti awiri akwana poti zovalazo azivala kale, mungoloza. Ukuyenda ndipatse anayi chifukwa folokolifiti ndi yomwe ingaphe munthu, pamenepo khalanipo, aonetseni mbali yomwe dalaivala saona akanyamula katundu wamtali. Ukunyamula atatu, mmodzi wa iwo anyamule katoni ena akuona. Zikavuta atatu. Awiri otsalawo musalankhule inu, afunseni, gawo loyamba linali chani, mkati mwake munali chani. Ndipo posintha gawo nenani mokweza kuti tamaliza kuyenda, tatsala ndi ziwiri, tsopano kunyamula. Papepala mutu wa nkhani umaoneka ndi maso, pakamwa mukapanda kuutchula magawo anu amangokhala m'mutu mwanu mokha, womvera akumva mndandanda umodzi wautali ngati kale.

Wachitetezo watsopano: Ndidziwa bwanji kuti zagwira?

Mayi wa matireningi: Lachiwiri mufunse atatu kapena anayi payekhapayekha opanda pepala. Akatchula magawo onse koma zamkati zikusowa, mayina ndi abwino koma gawolo munalithamangira kapena ladzaza. Akamatchula mfundo zobalalika opanda magawo, simunawamveketse posintha paja. Ndipo anthu angapo akaika mfundo imodzimodzi ku gawo lomwe inu simunaiike, isamutseni, ali bwino ndi iwowo. Khomo lothawira lija mudzaonere pamenepo kuti ndani akulondola pakati pa ine ndi a supavaiza.

Supavaiza wa shifiti: Ndidikira Lachiwirilo kkkk. Koma china, ine zikavuta ndikanayamba nayo anthu akadali tcheru, pofika miniti ya 11 ena amakhala akuyang'ana wotchi.

Wachitetezo watsopano: Koma ndikaiika poyamba mesa ndondomeko ya tsiku ija yasweka?

Supavaiza wa shifiti: Yasweka inde. Nde mwina muisiye pomaliza koma gawo limenelo mulipange mukuyenda nawo, pa chozimira moto, pa bokosi, n'kukathera posonkhanira penipenipo. Kuchokera pakhomo kukafika kumeneko ndi maminiti angati kwanuko?

Wachitetezo watsopano: Awiri mwina, ndikayeza mawa ndi wotchi. Akapitirira ndichotsa miniti imodzi ku usanalowe.