Thandizeni, ndime ya zofooka za kafukufuku wanga aibweza

Membala wosadzitchula: Abale anga a muno mu Harare, zandivuta. Dizeteshoni yanga ndi ya amayi ogulitsa masamba ku Mbare Musika omwe amachita chipereganyu, chija kuno amati mukando. Asupavaiza abweza ndime ya zofooka, ati ndagwetsa ndekha ntchito yanga. Ndinalemba kuti "amayi anali ochepa, nthawi inaperewera, choncho zotsatira sizingadalirike". Ndinkafuna amayi 150 koma ndinapeza 60. Kwathu ku Dzivarasekwa magetsi akungothimathima, alandilodi nawo ali pakhomo kufuna renti. Ndilembe bwanji?

APhiri a ku Mufakose: Chemwali, mawu oti "sizingadalirike" achoke lero lomwe! Woyesa akawerenga zimenezo afunsa kuti nanga mwalemberanji machaputala onsewa. Za nthawi chotsaninso, chimenecho ndi chidandaulo chanu, si chofooka cha kafukufuku. Chofooka chilichonse muchimangirire pa chotsatira chimodzi chomwe chakhudzidwa, munene kuti chakhudzidwa motani, kenako munene chomwe chatsala chili chilili. Pa anthu 60, mukapeza kuti theka amasunga ndalama, chenicheni chikhoza kukhala penapake pakati pa 37 ndi 63 pa 100 aliwonse. Akanakhala 150, bwenzi pali pakati pa 42 ndi 58. Lembani zimenezo poyera.

Nachisale: Achimwene, masamu amenewo amagwira ngati amayiwo anasankhidwa mwamaere. Mwini funso sananene kuti anawasankha bwanji, sananenenso ngati anali mafunso a papepala kapena kucheza mozama. Ngati kunali kucheza, 60 ndi ambiri kale.

Bambo a Tadala: Ingolembani mizere iwiri basi, mukaulula zambiri mukupatsa oyesa mkwapulo.

APhiri a ku Mufakose: Ayi bambo! Chomwe mwabisa achipeza okha mu chaputala cha njira za kafukufuku, ndipo pamenepo ayamba kukayikira zonse. Nachisale, ndavomera za maerezo. Ngati munangofunsa omwe munawapeza pa matebulo, vuto lalikulu si kuchepa ayi, koma omwe simunawaone. Mayi yemwe chipereganyu chinamugwetsa nasiya geni sanali pamsikapo. Ndiye lembani chonchi: "Amayi 60 onse anali akugulitsabe, choncho phindu la chipereganyu likhoza kuoneka lalikulu kuposa momwe lilili. Zotsatirazi zikufotokoza momwe amayi otsala pa geni amagwiritsira ntchito ndalamazo, koma sizikuyimira onse a ku Mbare."

Nachisale: Muonenso chaputala chomaliza. Ngati munafunsa ulendo umodzi wokha, musalembe kuti chipereganyu "chimakweza" phindu, chifukwa mwina ndi a phindu kale omwe amakwanitsa kusonkha. Mawu oyenera ndi "chimayendera limodzi ndi". Mukakonza ndime ya zofooka yokhayo n'kusiya "chimakweza" kumapeto, machaputala awiriwo atsutsana.

Bambo a Tadala: Inetu ndikuonabe kuti tsamba lathunthu la zofooka n'lochuluka.

Nachisale: Mwini funso, tiyankheni kaye, amayiwo munawasankha bwanji?