Ndachitapo kanthu pa manambala a makasitomala

Sabata yatha ndinafunsa kuti, “Ndingateteze bwanji manambala a foni ndi maadiresi a makasitomala m'dongosolo lathu la maoda?”

Zikomo nonse amene munandichenjeza kuti ndiyambe ndi makope osungira. Munanena zoona. Makope athu anali fayilo wamba yoti aliyense woipeza akanatha kuwerenga nambala iliyonse. Tsopano kope lililonse ndimalitseka lisanachoke pa seva:

```
gpg --symmetric --cipher-algo AES256 maoda.sql
```

Lamuloli limapanga fayilo yatsopano ya `maoda.sql.gpg` koma yoyamba ija silifufuta, ndiye muziifufuta nokha. Mawu achinsinsi musawasunge pa seva yomweyo, apo ayi wakuba atenga loko ndi kiyi womwe. Ndinayesanso kutsegula kope limodzi pa kompyuta ina kuti nditsimikize kuti likubwerera lathunthu.

Za antchito, aliyense tsopano ali ndi akaunti yakeyake, ndipo ya amene wasiya ntchito timaitseka tsiku lomwelo. Wolongedza katundu amangoona dzina ndi zimene munthu waoda. Wokapereka amaona adiresi ndi nambala za maoda ake okha, ndipo katundu akafika, zimabisika.

Chimene chikundivutabe ndi makope akale, chifukwa kasitomala akapempha kuti timufufute, nambala yake imatsalabe mmenemo. Inu mumawasunga nthawi yaitali bwanji?