Dzina langa ladulidwa ku banki, ndalama za achimwene zaimitsidwa: ndiyambire pati?

Membala wobisa dzina: Abale anga a pa gulu, ndithandizeni nzeru. Dzina langa ndi lalitali. Pano ndalemba lina lopeka, koma kuchuluka kwa zilembo n'chimodzimodzi ndi langa lenileni: Chiyembekezo Madalitso Ng'ombeyagona. Kutsogolo kwa chitupa changa cha unzika lalembedwa lonse bwinobwino. Pa khadi ya banki analemba C M NGOMBEYAGONA, ndipo pa sitetimenti pali CHIYEMBEKEZO MAD NGOMBEYAGONA. Sindinkazilabadira mpaka mwezi uno, pamene achimwene anga a ku Joni anatumiza ndalama za fizi ya mwana atalemba dzina langa lonse monga amalidziwira. Ku banki akuti dzina la wolandira silikugwirizana ndi la pa akaunti, ndiye ndalamazo aziimitsa. Kodi walakwitsa ndani? Ndikasinthitse chitupa, kapena ndiwauze achimwene azilemba "Mad"? Sukulu ikutsegulira posachedwa ndipo mtima suli m'malo.

Bambo a Tadala: Zimenezi n'zosavuta amayi. Tengani kalata ya amfumu, mukalumbire kwa loya kuti mayina onsewo ndi a munthu mmodzi, basi. Ine anandilakwitsira sipelo, analemba R pamalo pa L, ndinachita choncho zinatheka.

Membala wobisa dzina: Zikomo bambo, koma kwa ine sipelo sanalakwitse. Dzina lapakati langothera panjira.

Nachisale wa ku Zomba: Achemwali, ndinagwirapo ntchito yotsegulira anthu maakaunti, ndipo "MAD" ameneyu ndikumudziwa kumene wachokera. Tembenuzani chitupa chanucho. Kumbuyo kuli mizere itatu ya zilembo zosakanikirana ndi tizizindikiro ta <. Mizere imeneyi ndi yowerengedwa ndi makina, ndipo imatsatira muyeso wa dziko lonse wa bungwe la ICAO loona za maulendo a pandege. Pa chitupa chaching'ono ngati chathuchi, mzere uliwonse uli ndi malo 30 okha, ndipo dzina lonse liyenera kukwana mu mzere wachitatu. Amayamba ndi dzina la bambo, kenako <<, kenako mayina anu. Kachizindikiro ka mu Ng' amakachotsa. Lanu liyenera kuti likuoneka chonchi:

```
NGOMBEYAGONA<<CHIYEMBEKEZO<MAD
```

Werengani nokha. Ngombeyagona ndi zilembo 12, tizizindikiro tiwiri tifikitsa 14, Chiyembekezo ndi 12 zina kufika 26, kachizindikiro kamodzi 27. Malo otsala ndi atatu okha, ndiye Madalitso watsala Mad. Pamenepa palibe amene walakwitsa, ndi mmene chitupa chimapangidwira. Vuto linabwera tsiku limene munatsegula kapena kukonzanso akaunti. Zikuoneka kuti dzina analitenga ku mzere umenewu, kaya ndi makina kaya pokopera ndi manja, m'malo moyang'ana kutsogolo. Kuchokera tsiku limenelo, chidule chija chinasanduka dzina lanu lenileni m'mabuku a banki.

Membala wobisa dzina: Mayo ine, ndaona! Zili ndendende mmene mwalemberamo, kuthera pa MAD. Ndiye pa pasipoti bwanji lili lonse?

Nachisale wa ku Zomba: Pasipoti ili ndi mizere iwiri ya malo 44, ndipo dzina limapatsidwa malo 39. Lanu likufuna 36, choncho likukwana n'kutsala malo atatu amene amadzazidwa ndi <<<. Apa pali njira yodziwira: mzere wa dzina ukathera pa < ndiye kuti dzina lakwana. Ukathera pa chilembo, wogwira ntchito ayenera kukayikira kuti mwina ladulidwa, n'kuyang'ana kutsogolo kwa chitupa. Ambiri saphunzitsidwa zimenezi, ndipo zimandipweteka chifukwa ovutika ndi inu eni ake patapita zaka.

Mjomba wa ku Mangochi: Ine ndikuona kuti vuto ndi khadiyo. Khadi imalola zilembo 26 zokha, ndiye banki imadula dzina la akaunti kuti lifanane ndi la pa khadi. Kapempheni khadi yatsopano.

Nachisale wa ku Zomba: Za 26 zo mwalondola amjomba, kalamba kakuda ka kumbuyo kwa khadi kamasunga dzina losapitirira pamenepo. Akanangodula dzina la achemwaliwa pa 26 likanathera pa "NG'", n'chifukwa chake amasankha kulemba C M. Koma dzina la pa khadi ndi la pa akaunti zimasungidwa pawiri. Ndalama yochokera kunja sayiyerekeza ndi khadi, amayiyerekeza ndi dzina la mwini akaunti. Khadi yatsopano siithetsa kanthu.

Palinso malo ena odulira. Uthenga wakale wa SWIFT umene mabanki akhala akutumizirana unali ndi malo 35 pa mzere. Dzina la achemwali, kuphatikiza mipata ndi kachizindikiro ka Ng', ndi 36. Chilembo chomaliza A chimatha kugwa kapena kutsikira mzere wa adiresi. Njira yatsopano ya ISO 20022 imapereka malo 140, koma uthenga ukadutsa pa makina akale panjira ukhoza kudulidwabe. Ndiye taganizani: kwafika Madalitso Ng'ombeyagon, pa akaunti pali Mad Ngombeyagona. Kompyuta ikuona kusiyana patatu, ndipo siidziwa kuti Mad ndi chiyambi cha Madalitso. Imangokankhira nkhaniyo kwa munthu kuti aunike.

Mai Busa: Ana anga, n'chifukwa chake ine ndinangosiya dzina lapakati. Paliponse ndimalemba awiri okha, ndipo mtendere ulipo. Chitani chomwecho mwanawe.

Gondwe wa ku Mzuzu: Amayi, kwa inu zinayenda, koma mlamu wanga anachita zomwezo ndipo pofuna kutenga penshoni anavutika miyezi, chifukwa satifiketi ya MSCE ndi mapepala a kuntchito zinali ndi mayina atatu pomwe akaunti inali ndi awiri. Kuchotsa dzina n'kuwonjezera mtundu wina wa dzina pa imene ilipo kale.

Membala wobisa dzina: Ndiye mawa ndikanene chiyani ku banki? Ndikuopa kuti akangondibweza.

Nachisale wa ku Zomba: Chitupa musachikhudze, n'cholondola, ndipo ngakhale a NRB atakupatsani china, mzere uja udzatherabe pa MAD. Achimwene anu asazolowerenso kulemba Mad, chifukwa mukatero mukufalitsa dzina limene silili pa pepala lililonse la boma. Pitani ku nthambi imene munatsegulira akaunti ndi chitupa komanso pasipoti. Pemphani fomu yosinthira zambiri za kasitomala, ndipo muwauze kuti akonze dzina pa mbiri yanu yaikulu, osati pa khadi pokha. Muwaonetse kutsogolo ndi kumbuyo kwa chitupa kuti aone okha pamene Mad anachokera. Asanasunge, muone pa sikirini mmene alembera. Mukatha, pemphani kalata yotsimikiza akaunti yokhala ndi dzina lokonzedwalo, muitumize kwa achimwene. Iwonso afunse nambala yolondolera ndalama ija kumene anatumizirako, muipereke ku banki kuti aipeze msanga isanabwezedwe ku Joni, chifukwa ikabwerera imadulidwa ndalama panjira.

Kulumbira kumene anena Bambo a Tadala kumathandiza ngati banki yaumirira, koma musayambire kumeneko n'kuwononga ndalama pomwe pasipoti ikuonetsa kale dzina lonse.

Gondwe wa ku Mzuzu: Nanga akakana kuika kachizindikiro ka Ng'? Makina ena amakakana ndithu.

Nachisale wa ku Zomba: Ena amakakanadi. Zikatero ndi bwino alembe NGOMBEYAGONA mophatikiza monga zilili ku mzere wa makina, osati NG OMBEYAGONA ndi mpata, chifukwa mpatawo umapangitsa kuti dzina limodzi lioneke ngati awiri.

Mjomba wa ku Mangochi: Apo sindikugwirizana nanu. Dzina la munthu ndi Ng'ombe, osati Ngombe. Ine langa ndinakana kuti alichotse, ndipo mpaka pano tikukanganabe nawo.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Ndangoyang'ana mapepala a foni yanga yolandirira ndalama, nakonso kuli Mad yemweyo. Kodi ndiyambe kukonza kumeneko kapena ku banki kaye, poti ziwirizi ndinazilumikiza?