Za apu ya thumba la mjigo: tichotsepo ziti?

Mlembi: Abale, mndandanda wa zomwe tikufuna mu apu wafika zinthu 14. Muli kulipira pa Airtel Money ndi Mpamba, uthenga wokumbutsa, zithunzi, mapu a mijigo, kuvota, chipepeso cha maliro ndi zina. Mphwathu wa zamakompyuta wati pa Loweruka lokhalokha sangazithe.

Wa zamakompyuta: Zikomo akuluakulu. Vuto lathu ndi limodzi: munthu akatumiza ndalama sadziwa ngati yalembedwa, komanso sitidziwa zomwe zatsala m'thumba. Ndiye chilichonse ndachifunsa kuti, tikachisiya, vutoli litsala? Zatsala zitatu: kulemba amene wapereka, kulemba zomwe zatuluka, ndi tsamba loti aliyense aone zotsala. Ku ntchito timati MVP, kutanthauza kuyamba ndi zochepa zokhazo zimene zingathetse vuto. Fomu ya pa intaneti ya Google Forms ndi tsamba lowonkhetsera masamu la Google Sheets zikwanira, osayamba ndi apu.

Malume aku Joni: Iwe mphwanga, mukudula bajeti ya mjigo? Ine ndinatumiza kale ya mapaipi!

Mlembi: Ayi malume, mjigo sitikuukhudza. Tikudula zofuna za pafoni.

Msungichuma: Ine chondipweteka mutu n'choti anthu amatumiza kudzera kwa ejenti, uthenga umabwera wopanda dzina la mwini. Kulipira mu apu ndiye kukanandithandiza. Bwanji mwachotsa chimenecho?

Wa zamakompyuta: Mayi, chimenecho ndi chomwe chikanadya nthawi kuposa zonse. Chimafuna akaunti ya bizinesi, mapepala a gulu ndi mgwirizano ndi makampani otumiza ndalama. Koma mwandikumbutsa chofunika. Pa fomu tiwonjezere malo a nambala ija imabwera mu uthenga ndalama ikapita. Munthu alembe dzina, ndalama, tsiku ndi nambalayo, inu mufananize ndi uthenga wa pafoni yanu, muchonge. Wina akalemba kawiri nambala imodzi, zionekera pomwepo.

Achemwali aku Leeds: Nanga si timaponya kale zithunzi za malisiti pano? Zonsezi n'zachiyani?

Msungichuma: Zimakwiririka ndi mauthenga a m'mawa aja, achemwali. Komanso chithunzi sichiwonkhetsa masamu.

Aphunzitsi opuma: Ine ndikukana zochotsa uthenga wokumbutsa. Akumudzi ambiri ali ndi mafoni a mabatani, fomu yanuyo saiona n'komwe.

Wa zamakompyuta: Pamenepo mwanena zoona bambo. Awo apereke kwa komiti ya mjigo monga kale, mlembi wa komiti awalowetse pa fomu. Uthenga uliwonse ngolipira, ndiye tiyambe taona kaye. Tiyese miyezi itatu. Ngati zotsala pa tsamba zikufanana ndi za mu akaunti mwezi uliwonse, zagwira. Zikasiyana, kapena mayi akamalembabe m'kope pambali, ndiye kuti fomu yavuta, tikonze imeneyo tisanawonjezere china.

Aphunzitsi opuma: Nanga mayina a osapereka aoneke kwa aliyense?

Malume aku Joni: Aoneke basi!

Msungichuma: Malume, ena ndi amasiye. Imeneyo ipite ku msonkhano wa Lamulungu.