Mlonda wanga sagona masana, usiku akusinza pageti: ndimuwonjezere dayazepamu?

Kiliniko wa kutauni: Anzanga, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi bambo wa zaka za m'ma 40, mlonda, amalowa 6 koloko madzulo n'kuweruka 6 koloko m'mawa. Kwa miyezi iwiri akumwa dayazepamu wa 5 mg akafika kunyumba, cha m'ma 8 koloko. Akuti tulo timabwera mochedwa, ndipo ikamati 12 koloko wadzuka kale. Koma ikangokwana 8 kapena 9 koloko usiku tulo timamugwira ngati wamenyedwa, mpaka abwana ake amupeza kawiri akusinza. Akupempha ndimukwezere pa 10 mg. Mtima wanga ukukana, koma ndimuuze chiyani?

Namwino wa ku OPD: Mwamuyeza shuga? Kufooka kwadzidzidzi kotereku ine ndimayamba ndi shuga ndi magazi.

Kiliniko wa kutauni: Ndayeza, a Sisita. Shuga ali bwino, magazi ndi okwanira, malungo alibe.

Madala a kufamase: Achimwene, musanakhudze mlingo, mufunseni zimene amamwa usiku wonse ndi nthawi yake. Musafunse kuti "mumamwa khofi?", adzakana. Funsani za zakumwa za enaji, tiyi wa m'fulasiki, ndi mankhwala a mutu, chifukwa ena mwa iwo ali ndi kafeini.

Kiliniko wa kutauni: Ndamuimbira. Chitini cha enaji cha 500 ml 10 koloko usiku, china 3 koloko m'bandakucha, kenako tiyi wakuda cha m'ma hafu pasiti 5 podikira womulandira. Fodya sasuta. Mowa akuti wa pa Sabata basi.

Mnyamata wa ku wodi ya abambo: Ndiye nkhani yatha. Kafeini amadzutsa, dayazepamu amagonetsa, zikungofafanizana. Mukakweza dayazepamu apambana, munthu agona.

Madala a kufamase: Mbali imodzi mwalasa, mwana wanga: m'mawa zikulimbanadi. Koma sizifafanizana, chifukwa sizigwira malo amodzi ndipo sizichoka m'thupi nthawi imodzi. Munthu akakhala maso, mu ubongo mumaunjikana adenosini, ndiye amene amabweretsa kulemera kwa tulo. Kafeini sachotsa adenosini, amangokhala pamalo pamene adenosini amayenera kugwira. Dayazepamu iye amakankhira mbali ina, ya GABA, kuziziritsa ubongo wonse. Kafeini akadalipo, dayazepamu angamugwetse munthu, koma tulo take timakhala tosazama ndi todukaduka.

Tiyeni tiwerenge za bamboyu. Zakumwa zambiri za enaji zimakhala ndi 32 mg pa 100 ml iliyonse, ndiye chitini cha 500 ml ndi 160 mg (muonetsetse pachitinipo). Kwa munthu wamkulu wosasuta, theka la kafeini limachoka pa maola pafupifupi 5. Cha 10 koloko chija, pofika 8 koloko m'mawa papita maola 10, kwatsala 40 mg. Cha 3 koloko papita maola 5, kwatsala 80 mg. Tiyi tingomuika pa 40 mg, kwatsala mwina 30. Zonse pamodzi ndi 150 mg. Ndiye kuti pamene akumeza dayazepamu, m'thupi mwake muli pafupifupi chitini chathunthu. Onjezani dzuwa, kutentha kwa malata, ana akusewera pakhomo. Kugona maola atatuwo akuyesetsa.

Tsopano taonani madzulo. Pofika 6 koloko, papitanso maola 10, kafeini watsika kufika pansi pa 40 mg. Dayazepamu sanapite kulikonse: theka lake limatenga tsiku limodzi kapena awiri, ndipo chimene chiwindi chimamusandutsa chimagwirabe ntchito n'kukhala masiku angapo. Womwa tsiku lililonse kwa miyezi iwiri, wa lero amapeza wa dzulo ndi wa dzana akadali momwemo. Ndiye akamafika pageti, chomutchinga chachoka, adenosini amene sanathe chifukwa chogona pang'ono akugwira mwakamodzi, dayazepamu n'kumathandizira. Kugwa kwa 8 koloko usiku kuja ndi kumeneko. Mukamupatsa 10 mg, m'mawa apindula pang'ono, usiku asinza kuposa lero, ndipo adzawonjezera chitini chachitatu.

Mnyamata wa ku wodi ya abambo: Ndamva. Nanga tingomusinthira piritoni? Ndi wofatsa, satengera munthu chizolowezi ngati dayazepamu.

Madala a kufamase: Pa chizolowezi mukunena zoona, koma piritoni naye amachedwa kutuluka, theka lake limatenga pafupifupi tsiku. Womwa 8 koloko m'mawa amafika naye kuntchito. Ndipo mphamvu yake yogonetsa imazilala pakangopita masiku ochepa akumwedwa mondondoza, n'chifukwa chake anthu amayamba kumeza awiri, atatu.

Mzamba wa naiti: Pepani ndilowetse yanga. Ine ndikamwa khofi kapu imodzi 1 koloko usiku, masana onse maso ali gwa, pamene mnzanga amamwa ziwiri n'kukagona bwinobwino. Mawerengedwe a maola 5 aja kwa ine sakugwira.

Madala a kufamase: Sagwira kwa aliyense, achemwali. Mapiritsi olera okhala ndi esitirojeni amachedwetsa kafeini pafupifupi kawiri. Pakati pamachedwetsa kwambiri, makamaka miyezi yomaliza. Sipuro, mankhwala opha mabakiteriya aja, nayenso amatseka njira ya m'chiwindi imene imaphwanya kafeini, ndiye wodwala akadandaula kusagona ndi kugunda kwa mtima ali pa sipuro, funsani za tiyi. Osuta fodya ndi amene amamutaya msanga, ndipo akangosiya fodya khofi yemweyo amayamba kuwavuta. Ena n'chibadwa chabe.

Mzamba wa naiti: Ndili pa mapiritsi, ndipo mnzangayo amasuta mobisa. Basi ndapeza.

Kiliniko wa kutauni: Tibwerere kwa mlonda wanga. Ndimuuze asiye zonse mawa?

Dokotala wa kuboma: Ayi, zonse ziwiri osadula mwadzidzidzi. Kafeini wa 360 mg patsiku akamusiya kamodzi, mutu umayamba kuwawa pasanathe tsiku, umafika poipa tsiku lachiwiri, ndipo ukhoza kutenga sabata. Adzathamangira mankhwala a mutu okhala ndi kafeini yemweyo. Dayazepamu ndiye woopsa kuposa: pa miyezi iwiri thupi lazolowera, kudula kamodzi kumabweretsa kusagona koposa kale, nkhawa, kunjenjemera, ndipo ena amakomoka, makamaka ngati mowa uja si wa pa Sabata pokha. Mufunsenso bwino pamenepo.

Ine ndingayambe ndi nthawi, osati mlingo. Sabata yoyamba dayazepamu akhale momwemo. Chitini choyamba amwe theka polowa ntchito, theka cha m'ma 10 koloko. Chachiwiri chitsike kufika theka, ndipo chisadutse 1 koloko, kuti papite maola 6 kapena kuposa asanagone. Tiyi wa m'bandakucha achoke, amwe madzi kapena thobwa. Tulo ta masana tikayamba kutalika, dayazepamu atsike pa 2.5 mg kwa milungu iwiri, kenako muone mmene akuchitira. Ngati angagone ola limodzi cha m'ma 3 koloko masana asananyamuke, zimathandiza kwambiri.

Namwino wa ku OPD: Adokotala, papepala zili bwino. Koma 3 mpaka 5 koloko m'bandakucha ndi pamene tulo timalemera kwambiri, ndipo mwamulanda chitini cha nthawi imeneyo. Akamupeza kachitatu ntchito yatha.

Dokotala wa kuboma: N'zoona, sabata yoyamba ikhala yowawa. Akanakhala awiri pageti ndikanati azisinthana kugona mphindi 20. Ali yekha, chotsala ndi kuyendayenda ndi kukhala powala.

Madala a kufamase: Ine ndingamusiyire kapu imodzi ya tiyi 3 koloko kwa sabata yoyambayo. Pofika 8 koloko yatsala 20 mg, si 80.

Dokotala wa kuboma: Sindikutsutsa kwenikweni, koma kapu ya mlonda ndi fulasiki yonse.

Kiliniko wa kutauni: Ndimulembera nthawi zonsezi pakapepala, tiyi wa 3 koloko ndimulola kapu imodzi yeniyeni. Ali ndi masiku awiri opuma kumapeto kwa sabata ino, tiyambira pamenepo. Za mowa ndikamufunsa mkazi wake ali pomwepo, akalola.