Mafuta a CBD akuwachititsa chizungulire amayi anga, kodi m'botolomu mulinso THC?

NaBanda: Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeni maganizo. Amayi anga ali ndi zaka 71 ndipo miyendo imawaotcha usiku, adokotala anati ndi mitsempha. Mchimwene wanga anawagulira mafuta a chamba chamankhwala pa intaneti. Pabotolo palembedwa `CBD 1500 mg`, `30 ml`, `Full Spectrum`, ndipo m'munsi mwa tizilembo tating'ono pali `THC <0.3%`. Sabata yoyamba ankamwa theka la kachubu kodonthezera kaja, panalibe vuto, komanso panalibe kusintha. Ndiye tinawonjezera, tsopano akumwa tiwiri todzaza asanagone. Kugona akugona, koma pakatha maola awiri amati nyumba ikuzungulira, kukamwa kumauma, ndipo dzana anatsala pang'ono kugwa popita kuchimbudzi. Ife tinamva kuti CBD siiledzeretsa, yoledzeretsa ndi THC. Nanga chikuwazunguza n'chiyani? Kusiyana kwenikweni kwa ziwirizi n'kotani? Amamwanso mankhwala a kuthamanga kwa magazi komanso wafarini, woletsa magazi kuundana msanga.

Bambo a Tadala: Achemwali, anakugulitsani zabodza basi. THC imachokera ku chamba chosuta chija, CBD imachokera ku chamba cha mafakitale chopangira zingwe ndi nsalu. Ndi mbewu ziwiri zosiyana. Mu chamba cha mafakitale mulibe choledzeretsa ngakhale pang'ono. Ngati amayi akuzunguzika ndiye kuti wina anathiramo chamba chenichenicho.

Mayi Nyirenda: Ine ndimagwira ntchito mu famase, ndiye ndiyambe ndi chimene chandidetsa nkhawa kwambiri, si chizungulire ayi koma wafarini. CBD imachedwetsa chiwindi kuchotsa wafarini m'thupi, choncho mankhwalawo amatha kuchulukana, magazi n'kumachedwa kuundana kuposa mmene adokotala anafunira. Musadikire tsiku lawo la sikelo. Pitani nawo sabata ino, botolo lili m'manja, akayezedwe INR, muyeso woonetsa nthawi imene magazi akutenga kuti aundane. Mukaona magazi m'nkhama, mikwingwirima yosadziwika chiyambi, kapena chimbudzi chakuda bii, thamangani nawo tsiku lomwelo. Munthu wa wafarini akagwa n'kumenyetsa mutu, imeneyonso ndi ya kuchipatala msanga ngakhale akuoneka bwino.

Tsopano funso lanu. A Bambo a Tadala anena zoona mbali imodzi. Chamba cha mafakitale chimakhaladi ndi THC yochepa kwambiri, koma yochepa si kuti mulibe. Mbewuyo ndi mtundu umodzi, yonse imapanga THC ndi CBD yomwe, chimasiyana ndi kuchuluka kwake. THC imakakamira pa timalo tina ta mu ubongo totchedwa CB1, n'chifukwa chake munthu amaledzera, mtima umathamanga, kukamwa kumauma, njala imabwera. CBD siigwira pamenepo mwa njira imeneyo, choncho siiledzeretsa. Koma kusaledzeretsa sikutanthauza kuti ndi madzi. Ikachuluka imabweretsa tulo, kutsegula m'mimba ndi kusafuna chakudya.

NaBanda: Zikomo Mayi Nyirenda, za wafarinizo sitimadziwa n'komwe, mwatiopsa koma mwachita bwino. Komabe 0.3 peresenti ija si kanthu kochepetsetsa? Ingazunguze munthu?

Mayi Nyirenda: Tiyeni tiwerengere limodzi, chifukwa anthu ambiri amapusitsidwa pomwepo. Kachubu kodzaza nthawi zambiri ndi mililita imodzi, onani ngati pali mzere wolembedwa `1 ml`. Botolo lanu lili ndi mamiligiramu 1500 a CBD m'mamililita 30, ndiye mililita iliyonse muli 50. Amayi akumwa tiwiri, ndiye 100 usiku uliwonse.

Peresenti ya THC ija imawerengedwa pa kulemera kwa mafuta onse, osati pa CBD yokha. Mililita ya mafuta imalemera pafupifupi giramu, ndipo 0.3 peresenti ya giramu ndi mamiligiramu atatu. Ndiye botolo likhoza kukhala lonena zoona ndithu, komabe m'timachubu tiwirito mukhoza kukhala mamiligiramu asanu kapena asanu ndi limodzi a THC. Kuti muone kukula kwake, pali mankhwala ovomerezeka otchedwa Sativex, opopera m'kamwa, a anthu amene minofu yawo imakungika chifukwa cha matenda a mitsempha. Kupopera kamodzi kumapereka mamiligiramu 2.7 a THC ndi 2.5 a CBD, ndipo wodwala amayamba ndi kupopera kamodzi patsiku, n'kumawonjezera pang'onopang'ono. Amayi anu mwina akulandira THC yofanana ndi kupopera kawiri nthawi imodzi, munthu wachikulire amene thupi lake silinaizolowere, komanso ali pa mankhwala otsitsa kuthamanga kwa magazi. THC imatha kutsitsa kuthamanga kwa magazi munthu akadzuka mwadzidzidzi. Kuuma kukamwa kuja, ndi kuti zimayamba pakatha maola awiri, zikugwirizana ndi THC yomeza, chifukwa imachedwa kufika ndipo imachedwanso kutha. Sindingalumbire kuti ndi yomweyo basi, poti CBD ya 100 nayonso imawodzeretsa ena.

Mawu aja akuti `Full Spectrum` ndi amene akukuuzani kuti THC anaisiya dala. Atenga zonse za m'maluwa a mbewuyo osachotsa kanthu. Pakalembedwa `Broad Spectrum` ndiye kuti anayesetsa kuchotsa THC n'kusiya zinazo, ngakhale kakang'ono kamatha kutsalira. Pakalembedwa `Isolate` ndi CBD yokhayokha yosungunulidwa m'mafuta.

Gogo wa Anayi: Ine sindikumvetsa ana a masiku ano. Mayi wokubalani mukumusutitsa chamba atakalamba? Taonani anyamata amene apenga nacho m'misewumu. Apatseni mankhwala a kuchipatala basi.

NaBanda: Agogo, sakusuta ayi, ndi mafuta omwa. Koma ndamva nkhawa yanu, ndipo kuchipatalako tipitadi.

Dalaivala Wakale: Ndionjezepo yanga. Ndinkamwa mafuta ngati amenewo chifukwa cha msana, miyezi iwiri. Sindinamvepo kuledzera ngakhale tsiku limodzi. Kuntchito anabwera oyeza mkodzo, ndinapezeka nacho. Ndinawaonetsa botolo, anati iwo sayeza CBD, amayeza zotsalira za THC, ndipo makina sadziwa ngati yachokera m'botolo kapena mu ndudu. Nkhani inatenga mwezi kuti ithe. Ndiye amene akuti mulibe THC ngakhale pang'ono, ine ndine mboni.

Bambo a Tadala: Chabwino, pa mbewu paja ndavomera. Koma ine ndinawerenga kuti CBD imapha mphamvu ya THC. Ngati m'botolomo CBD ndi 50 ndipo THC ndi 3, bwanji yaikuluyo sikuphimba yaing'onoyo?

Mayi Nyirenda: Achimwene, zimenezo zimanenedwa kwambiri, makamaka ndi ogulitsa, koma akayesa pa anthu zotsatira sizigwirizana. Ena anapeza kuti imachepetsako mantha obwera ndi THC, ena sanapeze kusiyana kulikonse. Pa zomeza pali ngakhale umboni woti CBD yambiri imachedwetsa chiwindi kuphwanya THC, ndiye mphamvu yake imakula m'malo mochepa. Ine sindingauze wodwala kuti adalire CBD ngati chishango.

Mphunzitsi Kamanga: Funso langa ndi la pambali pang'ono. Mkazi wanga anagula botolo lolembedwa `Hemp Seed Oil 5000 mg`, lili ndi chithunzi cha tsamba la chamba chachikulu. Wamwa mwezi wathunthu, palibe chizungulire, palibe chilichonse. Kodi lathuli ndiye labwino?

Mayi Nyirenda: Aphunzitsi, lanulo ndi mafuta ofinyidwa ku njere. CBD ndi THC zimapangidwa m'maluwa ndi m'masamba, m'njere mulibe zoti munthu n'kuwerengera. 5000 ija ndi kulemera kwa mafutawo, si mankhwala. Sakumva kanthu chifukwa mulibemo kanthu.

Chisomo wa Labu: Ndikugwirizana ndi Mayi Nyirenda pa masamu, koma onse aja atsamira pa chikhulupiriro choti lebulo ikunena zoona. Mu kafukufuku amene anatuluka mu 2017, ofufuza ku America anagula zinthu 84 za CBD pa intaneti n'kuziyeza. Zimene zinali ndi CBD yogwirizana ndi lebulo zinali pafupifupi chimodzi mwa zitatu zilizonse, ndipo THC inapezeka mu 18. Choncho a NaBanda, funsani wogulitsayo chikalata cha labotale, amachilemba kuti `COA`. Nambala ya gulu la katundu imene ili pachikalata ifanane ndi ya pabotolo lanu, apo ayi chikalatacho ndi cha botolo lina. Muyang'ane mzere wa `Total THC`, osati `THC` yokha. Mu mbewu yaiwisi THC yambiri imakhala ili ngati THCA, yomwe siiledzeretsa mpaka itatenthedwa, ndipo a labotale amaphatikiza motere:

```
Total THC = THC + (THCA × 0.877)
```

Akalemba `ND` ndiye kuti makina sanaipeze pa mlingo umene amatha kuona. Wogulitsa akayamba kuzemba nkhani ya chikalata, mwayankhidwa kale.

NaBanda: Ndiye mankhwala a chamba enieni a kuchipatala amasiyana bwanji ndi botolo lathuli? Ine ndimaona ngati zonse ndi zimodzi.

Mayi Nyirenda: Amasiyana poti mlingo wake ndi wotsimikizika ndipo anayesedwa pa matenda odziwika. Sativex ndaitchula kale, THC ndi CBD pafupifupi mofanana. Pali Epidiolex, imene America inavomereza mu 2018, CBD yoyeretsedwa ya mamiligiramu 100 pa mililita, ya mitundu ina yovuta ya khunyu yoyamba paubwana. Mlingo wake amawerengera pa kulemera kwa thupi, ndipo umafika mamiligiramu mazanamazana patsiku, n'chifukwa chake amayeza chiwindi pafupipafupi. Palinso dronabinolo, THC yopangidwa m'fakitale, ya nseru ya odwala khansa amene ali pa mankhwala amphamvu ndi ya kusowa chilakolako cha chakudya kwa odwala Edzi. Mukuona kuti chamba chamankhwala si CBD yokha ayi, ena mwa mankhwalawa ndi THC yeniyeni.

Ndipo pali chinthu chimene mwina simukondwa nacho. Pa ululu wa mitsempha, umboni umene ulipo, womwenso si wamphamvu kwenikweni, ndi wa mankhwala okhala ndi THC. Wa CBD yokha ndi wofooka. Ndiye n'kutheka kuti chimene chikuwagoneka amayi ndi chomwecho chikuwazunguza. Mukasintha n'kugula `Isolate`, chizungulire chikhoza kutha, tulo n'kuthawanso, ndipo nkhani ya wafarini ikhala ilipobe chifukwa imeneyo ndi ya CBD.

Chisomo wa Labu: Pamenepo ine ndikadati abwerere ku theka la kachubu kaye, poti pamenepo panalibe chizungulire.

Mayi Nyirenda: Tiwiri tija asamwenso usiku uno, apo tikugwirizana. Koma zoti apitirize ndi theka kapena asiyiretu, anene ndi amene amawalembera wafarini, chifukwa ngati INR yasuntha kale, kuchepetsa kapena kusiya mafutawo kuisunthanso ndipo adzafunika kuyezanso.

NaBanda: Ndawaimbira achimwene, akuti botolo linabwera lopanda chikalata chilichonse, alembera wogulitsa. Lero amayi sitiwapatsa. Mawa m'mawa tikupita kukayezetsa INR, botolo ndaika kale m'chikwama. Amayi akungodandaula kuti miyendo iwaotchanso usiku uno. Kodi alipo amene adokotala anamupatsa china cha mitsempha chosalimbana ndi wafarini, kuti ndikafunse dzina lake ndikakafika?